Funsani Dokotala: Pepala la zotsatira za chotupa likuti chiyani?

Adokotala, mayi anga a zaka 52 adawachotsa bere ndi anabere a m'khwapa. Pepala la ku labu lalembedwa "malignant, 3 cm, margins clear, 2/10 nodes positive, pT2 N1". Ine ndidaona mawu oti "clear" n'kuganiza kuti achira. Amalume akuti mpeni ndiwo udafalitsa matendawo, ndiye asabwererenso kuchipatala. Papita milungu isanu, mayi akumwa mankhwala a zitsamba. Kodi mayi afa?
Wodandaula, Chiputula, Mzuzu

Achemwali, pepalali silikunena kuti mayi akufa, koma silikunenanso kuti achira. Likunena kuti khansa iyi ndi yoti n'kulimbana nayo, ndipo ntchito yagwiridwa theka chabe.

Chotupa chikalembedwa "benign" ndiye kuti si khansa: chingakule, koma chimakhala pamalo pake, sichisamukira ku ziwalo zina. "Malignant" ndiye khansa, chotupa chomwe maselo ake amalowerera mnofu woyandikana nawo ndipo amatha kuyenda m'thupi. Cha mayi ndi cha mtundu wachiwiriwu, ndipo ayenera kuuzidwa zoona zake, osawabisira.

Mawu amene adakusangalatsaniwo akunena za m'mphepete mwa mnofu womwe udachotsedwa. Ku labu amapaka inki kunja konse kwa mnofuwo, n'kuudula tizidutswa topyapyala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Maselo a khansa akagunda inkiyo, ndiye kuti mpeni udadutsa pakati pa chotupa ndipo china chingakhale chidatsalira. Kwa mayi sadaigunde. Ili ndi dalitso: pamalo paja chotupa chidachoka chonse. Koma inki imangonena za pamene adadulapo, siidziwa za maselo amene adachoka kale opaleshoni isanachitike.

Nkhani ya amenewo ili pa 2/10. Adachotsa anabere 10, ndipo mwa 2 adapezamo khansa. Apa ndi pomwe ndikutsutsana ndi amalume. Anaberewo adachotsedwa tsiku lomwelo, pa opaleshoni yomweyo. Kuti maselo a khansa afike m'mwanabere, akhazikike, achulukane mpaka kuoneka ku labu, pamatenga nthawi yaitali, osati maola awiri a m'chipinda cha opaleshoni. Khansa idafika m'khwapa mpeni usanafike. Mpeni udangoipeza n'kuichotsa. Chikhulupiriro ichi ndimachimva kawirikawiri, ndipo ndikudziwa komwe chimachokera. Anthu ambiri amabwera chotupa chitakhala zaka, chitafalikira kale, akachitidwa opaleshoni n'kumwalira patapita miyezi yochepa, abale n'kuloza chala mpeni. Chidawapha ndi kuchedwa, ndipo mantha a mpeniwo ndi amene amachedwetsanso wotsatira.

Tsono zilembo zija. T ndi kukula kwa chotupa: pa bere, T1 ndi chosapitirira masentimita 2, T2 ndi chopitirira 2 mpaka 5, T3 ndi choposa 5. Cha mayi cha masentimita 3 ndi T2. N1 ndi khansa mwa anabere a m'khwapa kuyambira 1 mpaka 3. Ka p kakutsogoloko kakungosonyeza kuti izi adayeza ku labu, osati pongogwira ndi manja. Chilembo chosowa ndi M, chonena ngati khansa yafika kutali monga kumapapo, kuchiwindi kapena m'mafupa. Wa ku labu sangachidziwe chifukwa adangolandira bere ndi anabere; chimadziwika pojambula pachifuwa ndi kusikana m'mimba. Kukapezeka kopanda kanthu, mayi ali pa siteji 2B mwa masiteji 4, pomwe cholinga cha chithandizo chimakhala kuchiza, osati kungochepetsa ululu.

N'chifukwa chake milungu isanuyi ikundidetsa nkhawa. Khansa ikapezeka mwa anabere, nthawi zambiri pamatsatira mankhwala a m'diripi, aja timati kemo, osaka maselo osaoneka ndi maso, ndipo amathandiza bwino akayambika m'milungu yoyambirira bala likangopola. Zitsamba sizigwira ntchito imeneyi, ndipo zina zimalemetsa chiwindi ndi impso zomwe kemoyo idzadalire. Sindikukudzudzulani kuti simuwakonda mayi, koma pepala lotere silisungidwa m'chikwama mwezi wathunthu.

Sabata ino pitani nawo ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu, mutatenga pepala lenilenilo, buku lawo la kuchipatala, ndi botolo la zitsambazo kuti adokotala alione. Mukafunse kuti kujambula kuchitika liti, kemo iyamba liti, komanso ngati chotupacho chidayezedwa kuti chimakula ndi mahomoni, chifukwa chikakhala chotero pali mapiritsi a tamokisifeni omwe amamwedwa zaka zisanu kapena kuposa. Ngati mayi amamva bwino Chitumbuka, pemphani kuti awafotokozere m'Chitumbukamo, kenako abwereze okha zomwe amva. Amalume nawonso muwatenge, adzafunse funso lawo la mpeni pamaso pa adokotala.