Kachunidwe ka kalimba ndi chifukwa chake tizitsulo anatisanja mosinthanasinthana

"Abale, ndagula kalimba ya tizitsulo 17 kuno ku Joni koma ikulira mosokonekera. Amaichuna bwanji? Nanga bwanji mawu ake sakutsatana, ndipo ya mnzanga waku Zimbabwe tizitsulo tina tili pamwamba tina pansi?"

Achimwene musaitaye, siinafe imeneyo. Yanga ndimayenda nayo mchikwama pa takisi kuchoka ku Rosettenville kupita ku geni ndiye kugwedezeka kuja kokha kachitsulo kamodzi kamasuntha ndithu. Nkhani yonse yagona pa kutalika: kachitsulo katali kamalira besi, kakafupi kamalira mokweza. Ndiye tengani kahamala kakang'ono, muike apu yochunira gitala pafoni, yokhoza kuwerenga noti iliyonse. Kachitsulo kapakati katalitali kaja kakuyenera kuonetsa C. Ngati mawu atsika, gogodani kunsonga komwe mumakhudza ndi chala kuja kuti kalowe mkati kafupike. Ngati akwera gogodani kumutu kwake katulukeko. Pang'onopang'ono chonde, milimita imodzi ndi yambiri kale makamaka pa tating'ono takumapeto, ine tsiku loyamba ndinamenya ngati ndikukhoma msomali mpaka E anasanduka F. Kakamalira "zzz" ngakhale noti ili bwino ndiye kuti sikanagone bwino pa mtanda wachitsulo uja, kasunthireni kumbali pang'ono kapena lowetsanipo kapepala.

Zosatsatanazo ndi dala. Kuchoka pa C wapakati, D ali kumanzere, E kumanja, F kumanzere, G kumanja, choncho mpaka kumapeto. Zala zoimbira ndi ziwiri zokha, zazikuluzi, ndiye zimalandizana ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, wina akakweza musi mnzake watsitsa, nyimbo imathamanga popanda chala chimodzi kulumphalumpha. Komanso taonani toyandikana: C, E, G tagundizana, mukangotsetsereka ndi chikhadabo manoti atatuwo alira limodzi mogwirizana, chomwe oimba amati chord, ndipo ukaphonya nkukhudza kapambali sizinyansa m'khutu. Kasanjidwe ka manoti achizunguka anakatchukitsa ndi Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, m'ma 1950 ali konkuno ku Roodepoort, potengera zoimbira zomwe anaziona kwathu ku chigawo chino.

Ya mnzanuyo ikakhala ya tizitsulo 15 ndi nyunga nyunga, ena amati karimba. Tatifupi anatipinda kuti tidzuke nkutilowetsa m'mipata ya titalitali, apo thabwa silikula koma manoti achuluka, chala chimafika ponseponse dzanja osasuntha, ndipo chikamamenya mzere wapansi sichikhudza wapamwamba. Ambiri mwa apamwambawo ndi manoti omwe ali pansi aja koma okwera, ngati mwana kuyimba nyimbo yomweyo ndi bambo ake.

Koma imeneyo musaiyandikire ndi apu yanuyo. Amisiri ambiri amachuna ndi khutu motengera mbira inzake, foni ikuuzani kuti zonse zaphonya pomwe zili bwinobwino. Ikasokonekera ajambulitse mawu a kachitsulo kalikonse atumize pa WhatsApp kwa amene anaipanga, amuuza koti asunthe.