Ngongole ya kuntchito yodula pa malipiro

"Abale, kuntchito akuti atha kundibwereka K600,000 yopanda chiwongoladzanja, azindidula K100,000 pamwezi kwa miyezi 6. Ndimalandira K380,000 m'manja. Nditenge?"

Achimwene, mwandikumbutsa chilonda. Ine ndinatenga K450,000 ya fizi ya mwana, tinagwirizana kuti azidula K75,000 pamwezi kwa miyezi 6. M'manja ndinkalandira K310,000, ndiye ndimadziwa kuti ndizitsala ndi K235,000. Mumtima ndinkati mwina msonkho utsikako poti ndikulandira zochepa. Ayi ndithu. PAYE ndi penshoni amawerengera pa malipiro onse asanachotse kalikonse, ngongole imabwera kudzaluma pa zotsalazo. Inuyo muzigwira K280,000 basi.

Mwezi woyamba sanadule. Wachiwiri sanadulenso. Ine phee, ndalama ndikudya, ndimvekere mwina aiwala. Anaiwaladi! Mkulu wina wa ku akaunti fomu yanga anangoitsekera m'dilowa osailowetsa m'kompyuta. Mwezi wachitatu, pa 27, ndili pa mzere mu shopu, m'basiketi muli shuga, mafuta ophikira ndi sopo, foni inalira. Uthenga wa ku banki: K85,000. Ndinauwerenga katatu. Anadula miyezi itatu nthawi imodzi, K225,000, osandiuza ngakhale liwu limodzi. Lendi yokha inali K90,000. Katunduyo ndinakamubwezera pa shelefu mmodzimmodzi, mlonda akundiyang'ana ngati wakuba.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kwawo. Munthuyo osadzutsa n'komwe mutu, akuti "ndalamazo munadya nokha, bwana." Zoona ndinadya, koma analakwitsa ndani? Fomu imene tonse tinasainira imati K75,000 pamwezi, osati mmene iye wakumbukira. Kupepesa kokha kunamukanika. Mpaka lero tikakumana pakhomo ndimangoyang'ana kumbali.

Mwezi umenewo ndinakagwada kwa wa katapila, K100,000 kubweza K150,000. Ngongole yopanda chiwongoladzanja ija inandidyera K50,000 choncho.

Ndiye tengani pepala, pa K280,000 ija chotsanipo lendi, thiransipoti, magetsi, madzi ndi chakudya. Zikapanda kukwana, pemphani miyezi 10 kuti azidula K60,000, muzitsala ndi K320,000. Poti palibe chiwongoladzanja, kutalikitsa sikukuwonjezerani kalikonse, kungoti mukasiya ntchito pakati, yotsalayo nthawi zambiri amaidula yonse pa malipiro omaliza. Fomuyo muijambule ndi foni, ionetse mwezi woyamba ndi womaliza kudula. Peyisilipu iliyonse muziiona. Akapanda kudula, K100,000 imeneyo si yanu, isungeni padera ndipo muwalembere tsiku lomwelo.

Koma tengani, achimwene, musaope. Kwina kulikonse akudyerani chiwongoladzanja. Ine ndinalumbira kuti sindidzayambiranso, pano ndili pa ina, yatsala miyezi iwiri.