Mfumu yabwera, amfumu abwera: dzinali lili m'gulu liti?

"Ndikuphunzira Chifalansa. Aphunzitsi akuti Chichewa nachonso chili ndi jenda ya mayina. Zingatheke bwanji pamene ife tilibe mayina achimuna ndi achikazi?"

Aphunzitsi anu sadalakwe. Akatswiri a ziyankhulo akamati jenda satanthauza umuna kapena ukazi ayi. Amatanthauza kuti mayina agawika m'magulu, ndipo gulu la dzina limaonekera pa mawu ena oyenda nalo. Chifalansa chili ndi magulu awiri, la le ndi la la. Ife tili ndi ambiri: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi ndi ena.

Choyamba, musamakhulupirire chiyambi cha dzina. Mlimi ndi mtengo onse ayamba ndi m-, ndipo mukati mlimi wagwa, mtengo wagwa, amamvekabe ngati a gulu limodzi. Tsono yesani nthawi yatsopano: mlimi akugwa, mtengo ukugwa. Pamenepo asiyana. Chimene chimaulula gulu ndi mgwirizanitsi, ndipo nthawi zina mumayenera kumuyesa m'ziganizo zingapo.

Pamene ine ndimakayikira zoti jenda ndi chinthu chimodzi ndi pa dzina lakuti mfumu. Mfumu ndi munthu, koma timati mfumu yathu yabwera, ndi agwirizanitsi omwewo a nyumba ndi mbuzi. Zikadatsata gulu la I-Zi mpaka kumapeto, bwenzi zambiri zake zili mfumu zathu zabwera. Koma timati mafumu athu abwera, monga masamba a m'gulu la Li-Ma. Ndiye tikafuna kupereka ulemu timati amfumu athu abwera, ngakhale munthuyo ndi mmodzi yemweyo. Onani kuti pa dzina limodzili pali zinthu zingapo zimene zikusankha mgwirizanitsi: gulu lake, kuchuluka, ndi ulemu. Woyankhula angathenso kusamutsa dzina mwadala, mwana wagwa n'kukhala kamwana kagwa kapena chimwana chagwa. Mfalansa sangasandutse buku kukhala lachikazi chifukwa choti lamuchepera m'maso.

Chiswahili chimaonetsa bwino kwambiri kugawanikaku. Kumeneko anthu ndi nyama zimatenga mgwirizanitsi wa anthu pa mneni, dzina liyambe mmene lingayambire. Ife timati ng'ombe yafa, iwo amati ng'ombe amekufa. Ndipo m'chiganizo chakuti rafiki yangu amefika, kutanthauza kuti mnzanga wafika, mawu osonyeza umwini atsata gulu la I-Zi pamene mneni watsata gulu la anthu. Dzina ndi limodzi, chiganizo ndi chimodzi, koma magulu atuluka awiri. Wina akakufunsani jenda ya dzina limeneli, muyenera kumufunsa kaye ngati akunena za mneni kapena za umwini.