Musanamubuloke, yambani mwasunga makalata ake

"Ndimasoka zovala ku Chilenje. Bambo wina amene tinasiyana chaka chatha akunditumizira maimelo tsiku lililonse pa Gmail. Poyamba ankangopepesa, koma tsopano akutukwana, ndipo sabata yatha analemba kuti akudziwa nthawi imene ndimatseka shopu. Ndinamubuloka koma anatsegula adiresi ina. Ndichite chiyani?"

Amai, pepani kwambiri. Mawu a nthawi yotseka shopuwo andidetsa nkhawa, chifukwa kumeneko ndi kuopseza. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti muyambe mwadikira, musabuloke adiresi yatsopanoyo lero.

Mukatsegula kalata, n'kudina timadontho titatu tija ndi kusankha Block, Gmail simuletsa munthuyo kulemba, ndipo simuuza kuti mwamubuloka. Imangotenga makalata ake atsopano n'kuwaponya mu Spam. Vuto lake ndi lakuti zonse za mu Spam zimafufutika zokha pakapita masiku 30. Kwa wamalonda wovutitsa zimenezi zili bwino. Koma kwa munthu woopseza, ndiye kuti umboni wanu ukutayika inu osadziwa. Msuweni wanga zinamuchitikira: pamene analimba mtima kupita kukadandaula, makalata oipitsitsa aja anali atapita kale, anatsala ndi mawu apakamwa basi. Choncho lero lomwe lowani mu Spam, muone zimene adiresi yakale ija yatumiza chiibulokereni. Kalata iliyonse muidine Not spam kuti ibwerere.

Kenako pezani kompyuta, chifukwa zotsatirazi sizipezeka pa pulogalamu ya Gmail ya pafoni. Ngati ndi ya m'kafe, musaiwale kutuluka mu akaunti mukamaliza. Tsegulani kalata yoopseza ija, dinani timadontho titatu, musankhe Show original. Mudzaona tsamba lodzaza zilembo zosokoneza mutu. Musadandaule nazo, m'menemo ndi momwe muli adiresi yeniyeni, tsiku, ola ndi nambala ya kalatayo yotchedwa Message ID. Dinani Download Original, musunge fayiloyo pa fulashi, ndipo makalata atatu kapena anayi oipitsitsa muwapulinte. Chithunzi cha sikirini chimathandiza, koma munthu akhoza kukana kuti munachita kupanga nokha. Fayilo imeneyi ndi yovuta kuikana.

Tsopano za kupeza mtendere. M'malo mwa Block, pangani sefa. Pitani ku Settings, kenako See all settings, Filters and Blocked Addresses, ndi Create a new filter. Pa From lembani maadiresi onse awiri motere:

```
wakale@example.com OR watsopano@example.com
```

Mukadina Create filter, chongani Skip the Inbox, chongani Apply the label n'kupanga dzina ngati "Umboni", komanso Never send it to Spam, kenako dinaninso Create filter kuti sefayo isungike. Adiresi yakale ija muichotse pa mndandanda wa obulokedwa patsamba lomwelo. Makalata azifika mwakachetechete m'kabokosi kawokawo, inu osawaona m'mawa mukadzuka, koma osafufutika. Akatsegula adiresi yachitatu, muiwonjezere pamenepo. Ngati pali dzina limene iye yekha amakutchulani, pangani sefa ina n'kulilemba pa Has the words, ndipo idzagwira makalata ake ngakhale asinthe adiresi. Musasankhe liwu lofala ngati "diresi", mungabise maoda a makasitomala anu. Ndipo pemphani m'bale amene mumamukhulupirira kuti aziyang'ana m'kabokosimo nanu masiku angapo alionse, kuti ngati mawu akukula mudziwe msanga.

Ngati simunamuuzepo, mulembereni kamodzi kokha kuti asakulembereninso, ndipo kalatayo muisunge. Akayankha, kaya mokoma kaya motukwana, musabwezenso.

Ambiri amaganiza kuti Report spam ndiko kudandaula. Batani limenelo limangophunzitsa Gmail kusefa makalata, sikuti pali munthu amene adzakuimbireni. Google ili ndi fomu yapadera yodandaulira munthu wogwiritsa Gmail molakwika, pa support.google.com/mail/contact/abuse, ndipo imafunsa adiresi yake ndi zilembo za mu Show original zija. Idzazeni, koma dziwani kuti choposa chimene angachite ndi kutseka akauntiyo, ndipo sangakuuzeni amene ali kumbuyo kwake. Zoterozo amazipereka kudzera m'njira za malamulo.

Kwa inu, malo oyamba ndi polisi. Kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu muno mu Zambia, pansi pa lamulo la Cyber Crimes Act la 2025. Popeza munali pachibwenzi, mukafika funsani ofesi ya Victim Support Unit. Tengani mapepala aja, fulashi, ndi pepala lolembapo masiku amene analemba, kalata yotchula shopu ikhale pamwamba. Lembani dzina la wapolisi amene wakulandirani ndi nambala imene dandaulo lanu lalembedwa m'buku, kuti mukabweranso musayambirenso nkhani.

Masiku ano musatseke shopu muli nokha. Uzani oyandikana nawo pamsika, muwaonetse chithunzi chake, ndipo pakhale wina wokuperekezani kukakwera basi.