Kametedwe koyenera pamene tsitsi lapamwamba lili lopyapyala

"Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Nchalo. Tsitsi langa la m'mbali ndi lambiri, koma lapamwamba ndi lopyapyala komanso lapatalipatali, moti ndikatuluka thukuta khungu limaonekera. Kodi ndizilisunga kuti libise, kapena ndingometa mpala?"

Achimwene, musalisunge, komanso musafulumire kumeta mpala, chifukwa pakati pa ziwirizi pali njira imene ndikuona kuti ingakuyenereni. Chimene maso a anthu amayamba kuona ndi kusiyana kwa pamwamba ndi m'mbali. Tsitsi la m'mbali ndi la kunkhongo likakula limathithikana n'kuoneka lakuda bii, pamene lapamwamba, ngakhale litatalika mofanana, limalola kuwala kudutsa mpaka pakhungu. Motero mukamalisunga lonse, m'mbali mumaderaderabe ndipo pamwamba pamaoneka powala kuposa mmene palili. Ntchito ya wometa ikhale yochepetsa kusiyana kumeneku.

Mukapita ku babashopu, musangonena kuti "mundichepetseko", koma mutchule nambala ya kachipeso kamene amaveka kumano kwa mashini. Pa mashini ambiri, nambala 1 imasiya tsitsi la mamilimita 3, nambala 2 imasiya mamilimita 6, ndipo nambala 3 imasiya pafupifupi mamilimita 10. Kwa inu ndikanasankha motere: pamwamba ayambe ndi nambala 2, akuyendetsa mashini motsatira kumene tsitsi lagonera, osati molitsutsa, pakuti kulitsutsa kumadula kwambiri ndipo kumaonetsa khungu. Akatero mudziyang'ane. Ngati paliwombo pakuonekabe kachigamba kowala pakati pa tsitsi lakuda, atsike afike pa nambala 1. M'mbali ndi kunkhongo mukhale mofupikirapo nthawi zonse, kuyambira pafupifupi pakhungu m'munsi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kukumana ndi lapamwamba popanda mzere woonekera. Kuyamba ndi nambala yaikulu n'kofunika, chifukwa tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi, ndiye likadulidwa mopitirira mudzadikira milungu ingapo.

Galasi la mu babashopu musalikhulupirire kwambiri, chifukwa limakuonetsani kumaso kokha, ndiponso muli mumthunzi. Tulukani panja masana, mnzanu akujambuleni ndi foni kuchokera pamwamba, ndipo chithunzicho ndicho chikuuzeni ngati nambalayo yakhala bwino. Chisungeni, kuti pakatha miyezi 6 mudzajambulitsenso pamalo omwewo. Ngati kachigambako sikanakule, n'kutheka kuti ndi mmene tsitsi lanu linabadwira. Koma ngati paliwombo pakukulirakulira ndipo m'makona mwa chipumi mukulowa mkati, limenelo ndi dazi la kumtundu, ndipo mudzazindikira kuti nthawi ya mpala yakwana pamene ngakhale nambala 1 ikusiya pamwamba poyera ndi m'mbali mwakuda.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mzere wa pachipumi. Ometa ambiri amakonda kuuwongola ndi lezala kuti uoneke wakuthwa, koma pa tsitsi lopyapyala amakakamizika kulowa mkati kuti apeze pamene lachuluka, ndipo ulendo uliwonse mzerewo umabwerera m'mbuyo pang'ono. Auzeni angochotsa timatsitsi totuluka, mzerewo ausiye pamene uli. Mankhwala odetsa tsitsi nawonso sindikukulimbikitsani, chifukwa tsitsi likada kwambiri khungu limaonekera kwambirinso, ndipo amene amapaka pakhungu penipeni amasungunuka ndi thukuta.

Kuno kuchigwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, thukuta limamatanitsa tsitsi lopyapyala m'timagulu, mipata n'kutseguka, ndipo n'chifukwa chake khungu lanu limaonekera mukangoyenda pang'ono padzuwa. Mafuta olemera ngati Vaselini amachitanso chimodzimodzi, kuwonjezera apo amanyezimiritsa khungu ndi kugwira fumbi. Tsitsi la mamilimita 3 mpaka 6 silifuna mafuta ambiri. Kadontho kamodzi kopaka m'manja kaye n'kokwanira. Mukamagwira ntchito panja, kaya m'munda wa nzimbe kaya kudimba, valani chipewa, chifukwa tsitsi lochepa silitchinga dzuwa, ndipo chipewa sichiyambitsa dazi monga ena amanenera.

Kametedwe aka kamafuna kubwereza pakatha milungu iwiri iliyonse, popeza m'mbali mumayambanso kuda msanga. Poti muzipita kawirikawiri chotero, onetsetsani kuti wometa akutsuka mashini ndi sipiliti ndipo akutsegula lezala latsopano inu mukuona. Mukaona kuti tsitsi likuthothoka m'zigamba zozungulira, zoyabwa kapena zotuwa ngati chipere, kapena kunkhongo kwatuluka tizilonda tolimba, siyani kaye kumeta pafupi ndi khungu, mupite kuchipatala akakuoneni, chifukwa zimenezo kametedwe sikangazikonze.