Kukwera Shire ndi bwato: chifukwa chake ulendo umatalika madzi akathamanga

"Ndimakhala ku Chingale ndipo ndimapalasa bwato pa Shire kukagula nsomba kumtunda, mtunda wa makilomita 6. Tsiku lina ndimafika msanga, tsiku lina mdima umandipeza pamadzi. Ndimaganiza kuti nthawi imene ndataya pokwera ndiibweza potsika, koma sizitheka. Ndingawerengere bwanji?"

Achimwene, madzi amakulandani nthawi yambiri pokwera kuposa imene amakubwezerani potsika. Pokwera mumalimbana nawo kwa nthawi yaitali, pomwe potsika amakukankhani kanthawi kochepa basi mwafika. N'chifukwa chake ziwirizi sizifafanizana.

Choyamba dziwani liwiro la madziwo. Yezani mamita 20 m'mbali mwa mtsinje ndi chingwe, muzike kamtengo uku ndi uku. Ponyani chitsononkho m'njira imene bwato lanu limadutsa, muwerenge masekondi pafoni kuchokera pa kamtengo koyamba kufika pa kachiwiri. Kenako 72 mumugawe ndi masekondiwo, ndipo yankho lake ndi makilomita pa ola. Chikatenga masekondi 72, madzi akuyenda kilomita imodzi pa ola. Chikatenga 36 ndi makilomita 2, chikatenga 24 ndi makilomita 3. Ponyani katatu, chifukwa china chimakodwa m'bango kapena m'namasupuni. Musayeze mphepo ikuwomba kwambiri, imakankha chitsononkhocho.

Liwiro la mikono yanu liyezeni pamadzi odekha, bwato lili ndi katundu amene mumanyamula masiku onse. Tiyerekeze kuti mwapeza makilomita 4 pa ola. Pokwera muzichotsa liwiro la madzi pa 4, potsika muziphatikiza.

Tsopano vuto lenileni ndi lakuti mtsinje suthamanga mofanana paliponse. Pamene watambalala umayenda mwaulesi, pamene wapanikizika umakoka. Ndiye musawerengere makilomita 6 onse ngati chinthu chimodzi. Aduleni m'zigawo, chigawo chilichonse ndi chitsononkho chake.

Tinene kuti makilomita 4 oyamba madzi akuyenda kilomita imodzi pa ola. Pokwera mukuyenda makilomita 3 pa ola, ndiye mutenga ola limodzi ndi mphindi 20. Makilomita 2 otsalawo ndi popanikizika, madzi akuyenda makilomita 2 pa ola. Apa mwatsala ndi 2 yekha, ndiye ola lathunthu lapita. Kufika kumtunda ndi maola 2 ndi mphindi 20. Pobwerera, popanikizika paja muyenda makilomita 6 pa ola, mphindi 20 mwadutsa, ndipo potambalala muyenda 5, zomwe ndi mphindi 48. Ulendo wonse ndi maola 3 ndi mphindi 28. Mukanakhala pa nyanja ya Chilwa m'mawa wopanda mphepo, makilomita 12 omwewa akanatha maola 3.

Nali tsiku limene mdima umakupezani. Madzi awonjezera pang'ono, popanikizika paja afika makilomita 3 pa ola. Ndi maso simungaone kusiyana kwenikweni, chitsononkho changofulumira kuchoka pa masekondi 36 kufika pa 24. Koma inu mwatsala ndi kilomita imodzi yokha pa ola, ndipo pamene munkadutsa ola limodzi mudutsa maola awiri. Potsika mupindula mphindi zitatu zokha. Mwataya 60, mwabwezeredwa zitatu. Madzi akafika makilomita 4 pa ola, mudzapalasa mpaka mapewa kuwawa mtengo wa pagombe uli pomwepo. Ine ndikaona kuti madzi adutsa theka la liwiro langa, ndimaganiza kawiri, ndipo akafika magawo atatu mwa anayi ndimanena kuti bwato ligone padooko.

Komanso kwanuko musamangoyang'ana mitambo. Muli kumunsi kwa Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, ndipo zitseko zake akazitsekula kwambiri madzi amachuluka ngakhale kwanu kusanagwe dontho. Nthawi ya dzinja nayo mitsinje yochokera m'phiri la Zomba imathira madzi mu Shire mvula ikagwa kumtunda. Choncho kuyeza kwa sabata yatha musakudalire. Khomani ndodo yokhala ndi zizindikiro padooko panu. M'mawa mukapeza madzi akwera pa ndodoyo, kapena afiira ndipo akubwera ndi zinyalala, ponyaninso chitsononkho musanagwire nkhafi.

Pokwera tsatani m'mbali ndi mkati mwa makona, kumene madzi amafooka, potsika muzilowa pakati. Koma m'mbali momwemo ndi momwe mumakhala mvuu ndi ng'ona, ndiye kuzungulira kumeneko kuikireni nthawi yake. Mikononso imatopa, 4 wa m'mawa si 4 wa masana. Pa nthawi yokwera imene mwapeza onjezerani mphindi 15 pa ola lililonse, muphatikizepo nthawi yotsika, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pamene dzuwa limalowa kuti mudziwe ola lonyamukira.