Mmene mungapemphere mnzanu kuti achotse chithunzi chokuchititsani manyazi

"Ndimaphika makeke a ukwati, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook. Loweruka lapitali ndinagona pampando ku ukwati chifukwa ndinachezera kukongoletsa keke. Mnzanga wakalekale anandijambula ndili kukamwa yasa, mabotolo a mowa a anthu ena ali patebulo patsogolo panga. Waika pa Facebook, wanditaga, waponyanso pagulu la WhatsApp la banki m'khonde yathu. Iyeyu ali ndi ngongole yanga ya K45,000 ya keke. Ndimulembere bwanji kuti achotse koma tisayambane?" Mayi wa makeke, Lilongwe

Mayi, mulembereni lero lomwe, kumbali kwa awiri, ndipo mu uthengawo musatchule za K45,000 ija ngakhale pang'ono.

Ndayambira pa ngongole chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mtima ukawawa, pakamwa pamabwera mawu akuti "ndalama zanga simunabweze, pano mukundiyalutsanso." Mukangolemba zimenezo, mnzanuyo samvanso za chithunzi. Amamva kuti mukumulondalonda, ndipo amayamba kudziteteza. Zotsatira zake zimakhala ziwiri: mwina chithunzi chikhala pomwepo chifukwa cha mkwiyo, kapena achotsa n'kumaona ngati wakuchitirani chifundo, ndiye kuti ngongole ikhoza kudikira. Konseko woluza ndinu. Kuchotsa chithunzi ndi ntchito ya mphindi imodzi yosafuna ndalama, pamene ngongole ili ndi tsiku lake. Siyani padutse sabata, kenako mudzakumbutse za keke paokha.

Nkhawa yanu ndi yomveka. Wogula keke ya ukwati amapereka ndalama zoyambira, kawirikawiri theka, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, keke asanaione. Chimene wagula panthawiyo ndi chikhulupiriro chakuti simugona pa ntchito yake. Mlendo amene wafufuza dzina lanu n'kupeza mabotolo aja sadziwa kuti munachezera ndi uvuni, ndipo sadzakufunsani. Angopita kwa wina mwakachetechete. Ku banki m'khonde nakonso, amene amavomereza ngongole yanu ndi anthu omwewo aona chithunzicho.

Uthengawo ukhale waufupi, wonga uwu:

"Asisi, mwaswera bwanji? Ndili ndi kapempho. Chithunzi chija cha ku ukwati, chimene ndagona pampando, ndikudziwa kuti munaika mongoseka. Koma makasitomala anga a makeke akuchiona, ndipo mabotolo aja akupereka chithunzithunzi china. Chonde mundichotsere lero pa Facebook, komanso pagulu la banki m'khonde. Ndakutumizirani china chimene tili awiri pafupi ndi keke, chimenecho ikani momasuka. Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "ndikudziwa kuti munaika mongoseka" musawasiye, ngakhale mumtima mukukayika. Amam'patsa mnzanu njira yotulukira wopanda manyazi. Munthu amene mwamuuza kuti walakwa amafuna kufotokoza, ndipo kufotokoza kumatenga masiku. Amene mwamuuza kuti sanaganize zoipa amangoti "pepani asisi" n'kuchotsa. Pa chifukwa chomwechi, uthengawo ulibe funso lakuti "munaikiranji?" Funso limenelo limaitana mkangano, pamene inu mukufuna chinthu chimodzi basi.

Chifukwa chimene mwapereka n'cha bizinesi, ndipo n'choona. Mukati "ndikuoneka moipa," yankho lake ndi "aa, mukuoneka bwino inu, musadandaule," chithunzi n'kukhala. Koma za makasitomala palibe angatsutse, makamaka mnzanu wa m'gulu losunga ndalama, amene akudziwa kuti masheya anu amachokera m'makeke omwewo. Tchulaninso chithunzi chenicheni ndi malo onse awiri. Munthu amene anaika zithunzi zambiri za ukwati akhoza kuchotsa china, kapena kuchotsa pa Facebook n'kuiwala pagulu. Musapepesenso kangapo ayi. Uthenga wodzaza ndi "pepani ngati ndakuvutitsani" umamveka ngati nkhaniyo si yaikulu, ndipo munthu amati achita mawa.

Chithunzi chosinthanitsa chija ndimachikonda kwambiri. Mnzanuyo anafuna kuonetsa kuti anali nanu pa chisangalalo, ndiye simukumulanda kanthu. Komanso keke yanu ionekera kwa anzake onse popanda kulipira kalikonse.

Ndanena kuti lero chifukwa cha mmene WhatsApp imagwirira ntchito. Kufufutira onse uthenga, kumene pafoni kumalembedwa kuti Delete for everyone, kumatheka kwa masiku awiri okha chitumizire. Akapitirira pamenepo, mnzanuyo akhoza kuchotsa pafoni yake yokha, ena onse chitsala. Akasankha molakwika Delete for me, ndiye kuti chachoka kwa iye yekha, iye n'kumaganiza kuti wamaliza. Mudzadziwa kuti zatheka mukaona pamalo pa chithunzicho pali mawu osonyeza kuti uthenga wafufutidwa. Oyang'anira gulu nawonso ali ndi mphamvu yofufutira onse uthenga wa munthu wina mkati mwa nthawi yomweyo, choncho mnzanu akapanda kupezeka, lemberani mmodzi wa iwo kumbali. Ngati anachiikanso pa Status, chimenecho chimachoka chokha pakatha maola 24. Ngati masiku awiri adutsa kale, musautse nkhaniyo pagulu. Mauthenga atsopano achikwirira, ndipo mphamvu zanu ziikeni pa Facebook, pamene makasitomala amafika.

Pa Facebook pali chimene mungachite musanayankhidwe n'komwe. Pitani pa chithunzicho musankhe Remove tag. Dzina lanu lichoka, ndipo chithunzicho sichilumikizananso ndi tsamba lanu. Dziwani kuti chimakhalabe pa tsamba la mnzanuyo, moti pempho lija likufunikabe. Musalembe ndemanga pansi pa chithunzicho, ngakhale yakuti "chotsani." Ndemanga imakoka maso a anthu ena, ndipo pempho la pagulu limam'chititsa mnzanu manyazi pamaso pa anzake. Amene anasunga kale chithunzicho pafoni yake simungamulande, n'chifukwa chake ola lililonse likuwerengeka.

Akawerenga osayankha mpaka madzulo, muimbireni. Mawu a pakamwa amafewetsa zimene zilembo zaumitsa, ndipo mwina foni yake inalibe bando. Akayankha kuti "ndi nthabwala chabe," musatsutse. Lembani kuti: "Zoona asisi, nthabwala ndaimva. Koma kwa ine ikukhudza malonda, chonde mundichotsere." Osawonjezera zifukwa zatsopano. Akakanabe, pemphani munthu amene nonse mumam'lemekeza, monga wapampando wa gulu lanu, kuti alankhule naye mwakachetechete. Za malamulo musazitchule mu mauthenga awa. Lamulo la m'chaka cha 2016 loona za pa intaneti limaletsadi kuzunza munthu kudzera pa makina, koma limenelo n'la munthu amene akukuvutitsani mwadala mobwerezabwereza. Mukalitchula kwa mnzanu amene anangoseka, ubwenzi utha ndipo K45,000 ivuta kutolera.

Akachotsa, thokozani ndi mzere umodzi, nkhani ithere pomwepo. Kenako lowani mu Settings pa Facebook, mupeze Profile and tagging, muyatse poti muziyamba mwaona zonse zimene mwatagidwa zisanaonekere pa tsamba lanu. Sabata yamawa mulembereni mnzanuyo za keke ija, mutchule K45,000 ndi tsiku limene mukuifuna, osakhudzanso za chithunzi.